Ndemanga yanga pa Zoom yaulere: chandikokera ndi batani lotsekera anthu maiki

Ndimaphunzitsa gulu la anthu 45 kalembedwe ka malipoti, Lachinayi lililonse madzulo. Tinayambira pa WhatsApp, koma kumeneko kuyimbirana kwa pavidiyo kumalekezera pa anthu 32, ndiye ena ankatsala kunja. Zoom yaulere imalola anthu 100, choncho tinasamukira kumeneko, ndipo tsopano patha miyezi inayi.

Tsiku loyamba linali chipwirikiti. Wina wayilesi ikulira, wina mwana akuitana, ndipo awiri anakhala chipinda chimodzi aliyense ndi foni yake, mawu nkumabwerera ngati tili m'phanga. Mankhwala ake ndinawapeza pa Participants, pomwe pali Mute All. Mukadina pamenepo pamabwera kabokosi kolembedwa "Allow participants to unmute themselves". Mukakasiya kochonga, aliyense amatha kudzitsegulira maiki, ndipo sipatha mphindi ziwiri wayilesi ija yabwereranso. Ine ndimachotsa chongacho. Wofuna kulankhula amadina Raise Hand, ine nkudina Ask to Unmute pa dzina lake, iye nkuvomera. Dziwani kuti woyendetsa msonkhano amatseka maiki ya munthu koma sangaitsegule mwini wake osavomera. Poyamba zinkandichedwetsa, koma nditaganiza kuti nanenso sindingafune wina azindimvetsera kunyumba ndisakudziwa, ndinaona kuti nzabwino.

Pa kuonetsa sikirini ndinadzichititsa manyazi ndekha. Ndinkaonetsa lipoti kuchokera pafoni, kenako uthenga wa mlongo wanga unatulukira pamwamba, anthu 45 nkuuwerenga. Foni imaonetsa chilichonse chimene chili pasikirini, ndiye muziyamba mwatsegula Do Not Disturb. Pakompyuta ndi bwinoko chifukwa mumasankha windo imodzi yokha, zina zonse nkubisika. Ngati mukuonetsa vidiyo, musaiwale kuchonga Share sound, apo ayi anthu aziona milomo ikugwedera popanda mawu. Mudzadziwa ndi mauthenga akuti "sitikumva" ali mbwee.

Kutembenuza kamera ndi kosavuta: kachizindikiro ka kamera kali pakona yapamwamba. Ndimagwiritsa ntchito kamera yakumbuyo poonetsa pepala lolembedwa pamanja, chifukwa zilembo zimaoneka bwino kuposa pa yakutsogolo.

Malire ena oti muwadziwe ndi a nthawi. Msonkhano waulere umatha pa mphindi 40, ngakhale mutakhala awiri okha. Phunziro langa ndi la ola limodzi, ndiye ndinaligawa pawiri: pa mphindi 35 ndimalengeza kupuma, tonse nkulowanso ndi linki yomweyo. Polowanso ndimayang'ana kaye ngati maiki ali otseka, chifukwa anthu amabwera akumalizitsa nkhani za kunyumba.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Kwa gulu la anthu osakwana khumi odziwana, WhatsApp ingakukwanireni.