Phiko la kumbuyo kwa Altezza yanga: zomwe ndaona chiliikireni

"Amdala, phiko lija likugwiradi ntchito, kapena ndi lokongoletsa chabe?"

Likugwira, koma pa liwiro lomwe timayenda kuno ku Chipata ntchito yake ndi yochepa zedi. Ndaliyendetsa chilimwe chonse mpaka mvula yagwa, m'tauni komanso pamsewu wa ku Katete, ndiye ndikulankhula zomwe ndaona.

Phiko la motoka ya mpikisano ndi phiko la ndege lotembenuza. Mphepo yodutsa kunsi kwake imathamanga kuposa ya pamwamba, kunsi kumakhala ngati kukuyamwa, ndipo phiko limakokeredwa pansi. Mphamvu imeneyi imakanikiza matayala pa tala. Tayala lokanikizidwa limagwira msewu kwambiri, motoka n'kukhota kona mothamanga osaterereka. Mutaika katundu m'buti matayala angakanikizidwenso, koma katunduyo amafuna kupita molunjika pamene inu mukukhota. Mphepo imakanikiza popanda kuwonjezera kulemera kwa motoka, ndipo ubwino wonse wagona pamenepa.

Vuto ndi liwiro. Mphamvuyi ikachuluka imachuluka molumpha: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. Phiko langa ndi la mamita 1.3 m'litali ndi masentimita 25 m'lifupi. Nditawerengera, poganiziranso kuti mpweya wa kuno kumtunda ndi wopepukirapo kuposa wa kunyanja ya mchere, ndinapeza kuti pa makilomita 50 pa ola limakanikiza ndi makilogalamu osakwana 4. Pa 100 limafika pa 14, osakwana n'komwe thumba la unga la makilogalamu 25, pa motoka yolemera kuposa makilogalamu 1,300. Pa 200 m'pamene lingafike cha m'ma 55, koma liwiro limenelo ndi la m'bwalo la mpikisano. Pamsewu wathu wa njinga, mbuzi ndi mahampu musayese.

Nanga bwanji a Formula 1 sangayende popanda mapiko? Motoka zawo ndi zopepuka, mu 2023 lamulo linkati zisachepere makilogalamu 798 ndi dalaivala yemwe, ndipo zimapitirira makilomita 300 pa ola. Pa liwiro lotere mphepo imazikanikiza ndi mphamvu yoposa kulemera kwa motoka yeniyeniyo. Mapiko awo alinso kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo gawo lalikulu la ntchito limachitikira kunsi kwa motoka. Langa lili kumbuyo kokha, kuseri kwa matayala, choncho likakanikiza kumbuyo limapepula kutsogolo pang'ono. Motoka ya mpikisano ikatero imakana kukhota, imafuna kupita molunjika.

Chomwe chandiphunzitsa zambiri ndi kapendekedwe. Phikoli lili ndi mabowo osinthira, ndipo anyamata a pagalaji amakonda kuliimika kwambiri kuti lioneke laukali. Likapendekeka kupitirira madigiri pafupifupi 15, mphepo imalephera kutsatira kunsi kwake, imachokapo n'kuyamba kuzungulirazungulira. Kukanikiza kumatsika, kukoka motoka m'mbuyo kumakwera, mafuta n'kumatha pachabe. Kuti ndione zimenezi ndinamata tizingwe ta ubweya wolukira juzi kunsi kwa phiko ndi tepi, foni n'kuimangirira pabuti kuti izijambula. Pa bowo lapakati tizingwe tonse tinagona molunjika kumbuyo. Pa bowo lomaliza ta pakati tinayamba kuvina, tina mpaka kuloza kutsogolo. Ta pakati ndi tomwe timayamba chifukwa mphepo yotsika pagalasi la kumbuyo imafika itapendekeka kale, ndiye phiko limailandira mopendekeka kuposa momwe maso akuonera. Ndinalibweza pa bowo lapakati, ndipo lili pomwepo.

Ambiri amalitcha sipoila, koma sipoila ndi kanthu kena: kamlomo komata pamphepete pa buti, kopanda mpata kunsi. Iko kamasokoneza mphepo kuti isanyamule kumbuyo kwa motoka. Pa motoka yoyendera tsiku ndi tsiku, ine ndikuona kuti kameneka n'kokwanira.

Chomwe chawonongeka ndi chitseko cha buti. Chitsulo chake n'chopyapyala, ndipo kugwedezeka kwa misewu yafumbi ya kumudzi kwachititsa ming'alu kuzungulira mabauti. Chizindikiro choyamba chinali penti yong'ambika ngati nyenyezi, kenako mvula itayamba madzi anayamba kudontha m'buti. Tawotcherera chitsulo chokhuthala kunsi n'kuika mawashala aakulu ndi labala. Nkhani ya miyendo ya phiko si yoseweretsa. Mu 1969 pa mpikisano wa ku Spain, mapiko ataliatali a motoka ziwiri za Lotus, ya Graham Hill ndi ya Jochen Rindt, anathyoka ali pa liwiro, onse awiri anachita ngozi, ndipo mapiko otero analetsedwa chaka chomwecho. Langa litazuka lingakagwere wa njinga amene ali m'mbuyo mwanga, n'chifukwa chake mabauti ndimawayesa ndi sipanala nthawi iliyonse ndikamatsuka motoka.