"Mtengo ku inibokosi" kapena mtengo poyera: manambala akuti chiyani?

Anzanga ogulitsa nawo nsapato za kaunjika pa Facebook akhala akundifunsa chifukwa chimene ndimalembera mtengo poyera, pomwe mapositi obisa mtengo ndi amene amadzaza makomenti. Funsoli labwera kambirimbiri, ndiye ndati ndiyankhe kamodzi. Kalembedwe ka mawu operekeza chithunzi kamene timagwiritsa ntchito ambirife kali mitundu inayi. Pali kobisa mtengo, pali koika zonse poyera, pali kofotokoza nkhani, komanso kopempha anthu kuti alembe komenti kapena aitane mnzawo. Ndinenerethu kuti kobisa mtengo ndili nako mangawa, ndipo ndi komwe nditayirepo nthawi yambiri.

Kopempha kaja tithane nako msanga. "Lembani Amen mukapambane," "itanani mnzanu wovala saizi 42." Mu Disembala 2017 Facebook inalengeza kuti iyamba kutsitsa mapositi okola anthu ndi nyambo yotere, komanso mapeji ochita zimenezi mobwerezabwereza. Ngakhale positi itapulumuka, olemba "Amen" sanabwerere nsapato. Kameneka katayeni.

Tsopano kobisa mtengo. Mumaika chithunzi cha nsapato yokongola, n'kulemba kuti "Yafika! Mtengo ku inibokosi." Pakamatha ola limodzi makomenti akhala ali mbwee, onse funso limodzi: zingati? Inu pansi pa aliyense mukuyankha kuti "onani inibokosi, bwana." Usiku mukatsegula Insights, pomwe Facebook imaonetsa manambala a peji yanu, positiyo ili pamwamba pa onse, mtima n'kukhala m'malo kuti mwapeza njira. Ndipo pali chifukwa chenicheni chimene imafikira anthu ambiri: mu Januwale 2018 Facebook inasintha kasankhidwe ka zoonetsa anthu, n'kuyamba kukondera mapositi amene anthu akuyankhulana pansi pake. Makomenti akamachuluka, positi imapita patali. Vuto ndi lakuti nambala ya makomenti sisiyanitsa munthu wofuna kugula ndi munthu amene wakakamizika kufunsa chinthu chimene mukanangomuuza. Komanso nambalayo imawerengera ndi mayankho anu omwe. Mukayankha aliyense, theka la "chikoka" chimene mukunyadiracho ndinu nokha mukudziyankhula.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta kuti muone mmene ndimawerengera. Nsapato ziwiri zofanana mtundu, zojambulidwa pa mkeka womwewo, zoikidwa nthawi yofanana ya madzulo. Yoyamba mwabisa mtengo. Yafikira anthu 4,000, malaiki ndi timitima 80, makomenti 120, wogawira anzake palibe. Yachiwiri mwalemba kuti "Saizi 42, chikopa, chidendene sichinadyeke, K25,000, tili mu Limbe, timatumiza pa basi." Iyi yafikira anthu 1,500 okha, malaiki 45, makomenti 12, ogawira anzawo 18.

Poyang'ana mwachangu, yoyamba yapambana kutalitali. Koma phatikizani zonse zimene anthu achita pa positi iliyonse, mugawe ndi chiwerengero cha anthu amene yawafikira. Yoyamba ndi 200 pa 4,000, kutanthauza 5 pa anthu 100 alionse. Yachiwiri ndi 75 pa 1,500, imenenso ndi 5 pa 100. Zafanana kale tisanapite patali. Kenako chotsani mayankho anu. Pa yoyamba munayankha ka 60, ndiye zotsala ndi 140, zomwe ndi 3.5 pa 100. Pa yachiwiri munayankha kanayi kokha, zotsala 71, pafupifupi 4.7 pa 100. Positi yooneka yaziii ija yadutsa kale inzake.

Apa sitinafike pa ndalama. Tinene kuti anthu 60 onse ofunsa aja munawalembera ku inibokosi, ndipo atatu ndi amene anagula kanthu pa katundu wanu. Pa yachiwiri anakulemberani anthu 10, asanu anagula. Kuti mugulitse kamodzi ndi kalembedwe kobisa mtengo munacheza ndi anthu 20. Ndi koika poyera munacheza ndi awiri. Mtengo wobisika wa kalembedwe koyambako uli pamenepa, ndipo Insights sidzakuonetsani: bando yotha, batire lotha tsiku lopanda magetsi, ndi maola amene mukanachapa ndi kupolisha nsapato zina. Chondiwawa kwambiri ineyo ndi uja amene umamuuza mtengo, uthenga n'kuonetsa kuti wauwerenga, basi osayankhanso. Sindimuimba mlandu, chifukwa akanauona mtengowo pa positi akanangodutsa mwamtendere, ine osataya nthawi, iye osachita manyazi. Palinso wina amene nambala iliyonse simuona: kasitomala wa ndalama m'manja amene safuna zofunsafunsa, kapena amene akukayikira kuti mtengo mumautchula mutayang'ana kaye chithunzi cha pa akaunti yake. Ameneyu salemba komenti, amangopita kwa mnzanu amene walemba mtengo.

Choipitsitsa chimabwera Facebook ikakuonetsani batani la Boost post pa positi yodzaza makomenti ija. Mukalipira, mumakhala mukugula anthu ena ofunsa "zingati?", ndipo manambala a positiyo amasakanikirana, olipira ndi osalipira. Positi iliyonse imene mwailipirira ichotseni pa kuyerekeza kwanu, kapena muwerenge gawo losalipira lokha.

Obisa mtengo ali ndi mfundo imodzi imene ndimaimva. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mtengo wa belo unkasintha musanamalize kugulitsa lakale, ndipo positi ya mwezi watha inkabweretsa mkangano ndi kasitomala wobwera ndi mtengo wakale. Koma mankhwala ake ndi kulemba tsiku pambali pa mtengo, ndiponso kubwerera pa positi n'kuikonza kuti "yagulidwa" nsapato ikapita. Amene ndingawakhululukire ndi ophika makeke a ukwati ndi osoka zovala za pa oda, poti mtengo wawo umadalira zimene kasitomala wasankha. Ngakhale iwowo angathe kulemba kuti "kuyambira pa K" zakutizakuti, ofunsa n'kuchepa.

Kalembedwe kofotokoza nkhani ndi kosiyana, ndipo ambiri amakataya msanga chifukwa amakayeza ndi muyeso wolakwika. Apa ndikunena positi yophunzitsa, monga mmene mungadziwire nsapato yomatidwa ndi guluu pansi pa soli, kapena mmene mungachapire nsapato yoyera osaisandutsa yachikasu. Positi yotere nthawi zambiri sigulitsa tsiku lomwelo. Nambala yoyang'ana ndi ya ogawira anzawo, ya osunga positiyo kuti adzaionenso, ndi ya otsatira atsopano. Pa Instagram zimenezi zimaoneka mukadina View insights pansi pa positi. Mkulu wa Instagram, Adam Mosseri, ananena mu Januwale 2025 kuti mwa zizindikiro zazikulu zimene amayang'ana muli chiwerengero cha otumizira anzawo positi poyerekeza ndi amene yawafikira, ndipo kuti chimenechi chimathandiza kwambiri kufikira anthu amene sakukutsatirani. Choncho nkhani imene anthu akutumizirana ndi yoibwereza. Imene yangolandira timitima kuchokera kwa azakhali ndi anzanu a kutchalitchi, palibe wotumiza, siyani kalembedwe kake ngakhale timitimato tikhale tambiri. Chinanso, mawu aatali amadulidwa. Pa Instagram amaoneka ndi zilembo pafupifupi 125 zoyambirira, ndipo pa Facebook ena onse amabisala kuseri kwa See more. Nkhani ikalephera, musanaiweruze onani mzere woyamba. Ngati unayamba ndi moni wautali ndi kuthokoza Mulungu chifukwa cha tsiku latsopano, anthu sanafike n'komwe pa nkhaniyo.

Pali malo awiri pomwe manambala amanamiza ngakhale wowerenga mosamala. Oyamba ndi kusokoneza Reach ndi Views. Kuyambira 2024 Meta, kampani ya Facebook ndi Instagram, inayamba kuika Views patsogolo, koma nambala imeneyi imawerenga maulendo amene positi yaonekera, moti munthu mmodzi akaiona katatu amawerengedwa katatu. Reach ndiye imawerenga maakaunti, aliyense kamodzi. Mukagawa positi ina ndi Views, inzake ndi Reach, zotsatira zake n'zopanda ntchito. Sankhani imodzi mukhale nayo. Ine ndimakonda Reach, poti ogula ndi anthu.

Achiwiri ndi kuweruza ndi positi imodzi. Nsapato yabwino imagulika ngakhale mutalemba zopanda mutu, ndipo positi ya kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira malipiro, simungaiyerekeze ndi ya pakati pa mwezi. Ikani mapositi osachepera asanu a kalembedwe kalikonse, mosinthanasinthana, pa katundu wofanana, ndipo muwerenge manambala ake patapita masiku ofanana, mwachitsanzo atatu, chifukwa positi ya dzulo sinamalize ulendo wake. Mukatero musaphatikize n'kugawa. Ndandalikani zotsatira kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, mutenge chapakati. Ngati mapositi asanu apereka 2, 3, 3, 4 ndi 19 pa 100, kuphatikiza n'kugawa kukupatsani 6.2, pomwe chapakati ndi 3. Positi ya 19 ija mwina inagawidwa ndi peji yaikulu, ndipo mwayi wotero simungaubwereze polemba mawu omwewo. Kusiyana kukakhala kochepa, monga 4.1 ndi 4.4, musataye kalembedwe kalikonse, pitirizani kuyesa.

Nambala ya ogula muyenera kuisunga nokha, chifukwa Insights siona ndalama yolowa pa Mpamba kapena Airtel Money. Njira yosavuta ndi kupatsa nsapato iliyonse chizindikiro, monga B2, n'kuchilemba pa positi. Ngati mumakokera anthu ku WhatsApp, ikani chizindikirocho mu linki kuti uthenga uzibwera utalembedwa kale:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=Nsapato%20B2
```

Pamalo pa ma X mukuika nambala yanu yopanda 0 woyamba. Uthenga ukafika mukudziwa positi imene yamubweretsa munthuyo, ndipo m'kope mwanu mukulemba zinthu zinayi pa mzere umodzi: kalembedwe, anthu ofikiridwa, olemba uthenga, ogula.

Pa peji yanga, mtengo poyera ndiye chakudya cha tsiku lililonse, pamodzi ndi saizi, malo ndi chilema cha nsapatoyo ngati ili nacho. Nkhani yophunzitsa ndimaiika apo ndi apo, ndipo ndimaisunga pokhapokha ogawira anzawo akuoneka. "Mtengo ku inibokosi" sindilemba, ndipo ndikakhala wogula, positi yotero ndimaidutsa ngakhale nsapatoyo ikhale ya saizi yanga.