Kuchotsera zaka kapena kuyang'ana deti: Mandela anatuluka kundende ali ndi zaka zingati?

Anthu ambiri akafuna kudziwa zaka za Nelson Mandela tsiku lomwe anatuluka kundende amangothamangira kuchotsera, 1990 kuchotsa 1918, n'kupeza 72 basi. Njira imeneyi ndi yachangu inde, komanso ndi yokhayo yomwe ungagwiritse ntchito ngati chomwe ukudziwa ndi chaka chokha, koma apapa ikutinamiza.

Njira inayo umayamba wafunsa kaye kuti kodi tsiku lake lobadwa linali litakwana chaka chimenecho? Mkuluyu anabadwa pa 18 Julaye 1918, kutuluka anatuluka pa 11 Febuluwale 1990, ndiyetu Julaye anali adakali kutali, pa 72 paja timachotsapo chimodzi, anali ndi zaka 71.

Ine ndimakonda yachiwiriyi chifukwa yoyamba ija imaphonya nthawi zonse nkhani ikachitika munthu asanafike tsiku lake lobadwa, ndipo anthu obadwa kumapeto kwa chaka ndi omwe imawakulitsa kawirikawiri. Yesani pomwe ankalumbira kukhala pulezidenti pa 10 Meyi 1994, kuchotsera kukupatsani 76 pomwe anali ndi 75.