Timabolodi ta MCP2515 ndi TJA1050: timagwira bwino, koma yezani J1 musanalumikize

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Ndinagula timabolodi tinayi tobiriwira ta CAN, njira yomwe zida zimatumizirana mauthenga pa mawaya awiri, tokhala ndi tchipi za MCP2515 ndi TJA1050, kuti ndilumikize ma Arduino anayi pa dongosolo lothirira: imodzi pa pampu, ina pa thanki, ina pa mabatire a sola, yachinayi m'nyumba pomwe pali kagalasi koonetsa manambala. Waya yense ndi wa mamita pafupifupi 60, ndipo liwiro ndinaika 125 kbit/s. Chiyambireni kugwira ntchito mauthenga akufika mosadukiza ngakhale pampu ikulira. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa timabolodi timabwera popanda kapepala kalikonse kofotokoza, pomwe pali zinthu ziwiri zomwe zikhoza kukutayitsani tsiku lonse.

Choyamba ndi J1. Waya wa CAN amafuna rezisita ya 120 Ω kumapeto kulikonse, kutanthauza ziwiri basi pa mzere wonse, kaya zida zili zitatu kaya makumi awiri. Ntchito yake ndi kumeza siginolo ikafika pothera waya kuti isabwerere m'mbuyo n'kusokoneza biti yotsatira, komanso kubwezera mawaya awiriwo pamlingo umodzi chida chikasiya kuwakoka. Kabolodi kalikonse kali ndi rezisita yakeyake, ndipo imalowa mu mzere mukatseka mapini awiri a J1. Tanga tinafika tili totseka tonse tinayi. Ndiye kuti rezisita zinayi zakhala mogundizana, ndipo pakati pa mawaya awiriwo, H ndi L, pamatsala 30 Ω m'malo mwa 60 Ω. TJA1050 ikamakoka katundu wolemera chotere imatentha, kusiyana kwa magetsi pa mawaya awiriwo kumachepa, ndipo zomwe zimayenda patebulo ndi tiwaya tifupitifupi zimayamba kulephera mukatambasula waya wautali.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Zimitsani magetsi onse, ikani maltimita pa Ω, gwirani H ndi L paliponse pa mzere. Mukaona 60, zili bwino. Mukaona 120, mbali imodzi ilibe rezisita kapena waya waduka pakati. Mukaona 40, pali zitatu, ndipo 30 ndi zinayi. Ine ndinasiya J1 yotseka pa kabolodi ka kupampu ndi ka m'nyumba, chifukwa ndito tili kumathero, n'kutsekula pa tiwiri tapakati. Apa mpomwe kayalidwe ka waya kamafunika: akhale mzere umodzi wodutsa pa chida chilichonse, nthambi zopita ku kabolodi zikhale zazifupi kwambiri. Mukatulutsa mawaya anayi aatali kuchokera pamalo amodzi, mudzakhala ndi mathero anayi pomwe rezisita zololedwa ndi ziwiri, ndipo palibe poika pabwino.

Chomwe chinandichititsa kusankha CAN ndi momwe imapiririra phokoso la magetsi, ndipo apa timabolodi sitinandikhumudwitse. Pa mzere pakakhala bata, kapena pakamadutsa biti ya 1, CANH ndi CANL zonse zimakhala pa 2.5 V, palibe kusiyana. Chida chikafuna kutumiza 0, chimakweza CANH kufika cha pa 3.5 V n'kutsitsa CANL kufika cha pa 1.5 V, kusiyana kukhala 2 V. Wolandira sayang'ana waya mmodzi payekha, amangowerenga kusiyanako. Mota ya pampu ikamayaka n'kuponya 1 V yowonjezera pa waya, imaponya pa onse awiri mofanana, wina n'kukhala 4.5 V wina 2.5 V, kusiyana kudakali 2 V komweko. Koma izi zimatheka ngati mawayawo ndi opotana, kuti phokoso liwapeze chimodzimodzi. Ndinagwiritsa ntchito peya imodzi ya mu waya wa netiweki, ndipo peya ina ndinaisandutsa GND yolumikiza zida zonse. Dziwani kuti pomangira waya pa kabolodi pali H ndi L zokha, GND muyenera kuitenga pa mapini a mbali inayo. Sindinakondwe nazo zimenezi, chifukwa zida zodya magetsi ochokera kosiyana zimafuna waya wachitatuyu.

Funso lomwe anzanga amandifunsa ndi loti zida ziwiri zikayankhula nthawi imodzi chimachitika n'chiyani. Yankho lili pa ID ya uthenga. Pa mzerewu 0 imaposa 1: chida chimodzi chikakoka mawaya pomwe china changowasiya, onse amamva 0. Chida chilichonse chimamvetsera mzere uku chikutumiza. Kwa ine uthenga wozimitsa pampu thanki ikadzadza ndi `0x100`, wa mlingo wa batire ndi `0x120`. M'mabiti 11 zimaoneka motere:

```
0x100  001 0000 0000
0x120  001 0010 0000
```

Mabiti asanu oyamba ndi ofanana, ndiye zida zonse zimapitirira limodzi. Pa biti yachisanu ndi chimodzi cha batire chimatumiza 1 koma chimamva 0. Pomwepo chimasiya, n'kukhala womvetsera, ndipo uthenga wa pampu umapitirira osaonongeka ngakhale biti imodzi. Mzere ukamasuka, MCP2515 imatumizanso yokha uthenga wa batire, pulogalamu yanu osachitapo kanthu. Choncho nambala yaing'ono ndiyo imatsogola, ndipo mauthenga ofulumira muziwapatsa ID yotsika. Musalole zida ziwiri kutumiza ndi ID imodzi, chifukwa zonse zidzaganiza kuti zapambana n'kudzawombana pa deta. Mpikisano umenewu ndiwonso umachititsa kuti waya akatalika liwiro litsike, popeza siginolo iyenera kupita kumathero ndi kubwerako biti imodzi isanathe. N'chifukwa chake 1 Mbit/s imathera cha pa mamita 40, pomwe 125 kbit/s imafika cha pa 500.

Chachiwiri chobisika ndi kirisitalo, kachipangizo komwe MCP2515 imawerengera nthawi. Pa timabolodi tanga palembedwa `8.000`, pomwe zitsanzo zambiri za pulogalamu zimabwera ndi `MCP_16MHZ`. Mukasiya choncho, liwiro lenileni limakhala theka la lomwe mwalemba. Choopsa n'choti timabolodi tonse tikalakwitsa mofanana timamvana bwinobwino, ndipo vuto limadzaoneka tsiku lomwe mwalumikiza chida cha mtundu wina. Mu laibulale ya Arduino ya `mcp_can` ndinalemba motere:

```
CAN0.begin(MCP_ANY, CAN_125KBPS, MCP_8MHZ);
CAN0.setMode(MCP_NORMAL);
```

Mzere wachiwiriwo musauiwale, apo ayi kabolodi kamangodzilankhulira mkati osatulutsa kanthu pa waya. Komanso musaweruze kabolodi kali kokha. Uthenga uliwonse umafuna kuti chida china chivomereze pa biti ya ACK, ndipo popanda wovomereza kamangobwereza uthenga womwewo, pulogalamu n'kunena kuti kutumiza kwalephera pomwe kabolodi kali bwino.

Malire ake ndi awa. MCP2515 ili ndi malo awiri okha osungira mauthenga olandira, ndiye mukadzaza pulogalamu ndi `delay()` wachitatu amatayika. Gwiritsani ntchito pini ya INT, yodziwitsa Arduino kuti uthenga wafika, komanso zosefa zisanu ndi chimodzi za MCP2515 kuti izilandira zokhazo zofunika. TJA1050 imafuna 5 V, zomwe ndi zabwino pa Arduino Uno kapena Nano, koma pa chida cha 3.3 V ngati Raspberry Pi simungangolumikiza mapini mwachindunji. Timabolodi tilibenso chotchinga magetsi pakati pa mzere ndi Arduino, choncho waya wodutsa panja nyengo ya ziphaliwali akufunika chitetezo chapadera, kapena mugule mtundu wokhala ndi chotchingacho. Timabolodi timeneti sitigwira ntchito ndi CAN FD, mtundu watsopano wa CAN, ndiye uthenga umodzi umanyamula mabayiti 8 basi.