Kolo kapena puti: nchifukwa chiyani mitengo yake imasiyana sheya ili imodzimodzi?

Mukatsegula tsamba la maopishoni kwa bulokala wanu, kaya ndi a msika wa ku Joni wa JSE kapena wa ku Chicago, mumaona mizere iwiri: `Call` mbali ina, `Put` mbali inayo. Kolo imakupatsani ufulu wogula sheya pa mtengo wapangano, puti imakupatsani ufulu woigulitsa pa mtengo wapangano, ndipo zonse ziwiri zili ndi tsiku lothera. Ambiri akaona kolo ikudula kuposa puti amaganiza kuti msika ukuyembekeza kuti sheyayo ikwera. Si choncho ayi, ndipo maganizo amenewa amasankhitsa anthu molakwika.

Titenge sheya ya 100 randi yomwe kampani yake sigawa phindu kwa eni masheya. Mtengo wapangano ndi 100 randi, opishoni itha pakapita chaka, chiwongola dzanja ndi 5 peresenti, kusinthasintha kwa mtengo ndi 20 peresenti pachaka. Opishoniyo ndi ya mtundu wa ku Ulaya, yomwe mumagwiritsa ntchito pa tsiku lothera lokha. Tikawerengera ndi njira ya Black ndi Scholes ya mu 1973, kolo ikukwana 10.45 ndipo puti 5.57.

Kusiyana kwa 4.88 kumeneku kukuchokera ku chiwongola dzanja basi. Wogula kolo sanalipire 100 randi ija. Aisunga chaka chonse ikumuberekera, adzalipira tsiku lomaliza ngati afuna. Wogula puti ndiye akudikira kulandira 100 randi, ndipo ndalama yodzabwera chaka chamawa ndi yochepa mphamvu poyerekeza ndi ya m'manja lero: pa 5 peresenti, 100 ya chaka chamawa ndi 95.12 ya lero. Chotsani 95.12 pa 100, yatsala 4.88 ija. Lamulo lake limalembedwa motere, pomwe C ndi mtengo wa kolo, P wa puti, S wa sheya, K ndi mtengo wapangano, r ndi chiwongola dzanja, T ndi nthawi yotsala m'zaka:

```
C - P = S - K*e^(-rT)
```

Chiwongola dzanja chikanakhala 0, zonse ziwiri zikanagulidwa 7.97. Chikakwera kufika 10 peresenti, kolo ikwera kufika 13.27 pamene puti itsika kufika 3.75. Mwa zinthu zitatu zomwe tikambe pano, chiwongola dzanja, kusinthasintha kwa mtengo ndi nthawi, chiwongola dzanja chokha ndicho nthawi zonse chimakokera kolo ndi puti mbali zosiyana. Koma mphamvu yake imadalira kutalika kwa nthawi. Pa opishoni ya mwezi umodzi kusiyana kuja kumangokhala 0.42, choncho amene amagula zazifupi asataye tulo poopa zomwe banki yaikulu ilengeze. Amene akugula ya chaka kapena ziwiri, ameneyo ndiye atchere khutu.

Kusinthasintha kwa mtengo kulibe tsankho. Tikweze kuchoka pa 20 kufika 30 peresenti, zina zonse zikhale momwe zinalili: kolo ichoka pa 10.45 kufika 14.23, puti ichoka pa 5.57 kufika 9.35. Iliyonse yawonjezera 3.78, ndendende. Chifukwa chake nchakuti wogula opishoni sangaluze zoposa zomwe analipira. Mtengo ukamadumphadumpha kwambiri, mbali yomwe imam'pindulira imakula, pamene mbali yomuluzitsa ili ndi malire. Ndi mmene zilili ndi inshulansi: ngozi zikachuluka, mtengo wake umakwera. Ngakhale ziwirizi zawonjezera mofanana, zindikirani kuti 3.78 pa puti ya 5.57 ndi gawo lalikulu kuposa pa kolo ya 10.45, ndiye pa ndalama yomwe mwalowetsa puti ndiyo imagwedezeka kwambiri.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amapsera, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa nzopeweka. Kampani ikatsala pang'ono kulengeza zotsatira zake zachuma, aliyense amadziwa kuti mtengo ungalumphe, ndiye kusinthasintha komwe msika ukuyembekeza kumakwera. Pa sikirini ndi nambala yolembedwa `IV`. Tinene kuti yafika 40 peresenti ndipo kwatsala mwezi umodzi. Kolo yathu ija mugula 4.81, puti 4.39. Mawa lake kampani yalengeza uthenga wabwino, sheya yakwera kufika 102, koma chikayiko chatha ndipo `IV` yabwerera pa 20. Kolo yanu tsopano ili pafupifupi 3.73. Munalosera bwino, sheya yakweradi, komabe mwaluza randi imodzi ndi kanthu pa sheya iliyonse. Wa puti ndiye wagwa kwambiri, yake yatsala 1.31. Musanagule, yerekezani `IV` ya lero ndi momwe yakhalira miyezi yapitayo pa sheya yomweyo. Ikakhala pamwamba, funso la kolo kapena puti likhale lachiwiri, chifukwa zonse ziwiri zadula, ndipo sheya iyenera kuyenda kwambiri kuti mubweze zomwe mwalipira.

Nthawi ndiyo yovuta kuimvetsa, chifukwa imanyamula zinthu ziwiri zija pamodzi. Masiku ambiri amapatsa mtengo mpata woyenda, zomwe zimakomera kolo ndi puti yomwe. Masiku omwewo amachulukitsanso chiwongola dzanja, chomwe chimakomera kolo nkupweteka puti. Kwa kolo zonse zikukokera kumodzi, ndiye kolo yaitali imadula kuposa yaifupi nthawi zonse ngati palibe phindu logawidwa. Kwa puti zikulimbana.

Tibwerere ku chitsanzo choyamba, sheya ikhale pa 100 osasuntha. Kolo ya miyezi 12 ndi 10.45, ya miyezi 6 ndi 6.89, ya miyezi itatu 4.61, ya mwezi umodzi 2.51. Puti imayenda 5.57, 4.42, 3.37, 2.10. M'miyezi 6 yoyamba kolo imataya 3.56 yonse pamodzi, koma mwezi womaliza wokha imataya 2.51. Puti imayamba modekha kwambiri, 1.15 yokha pa theka la chaka, kenaka 2.10 mwezi womaliza. Kutha kwa mtengoku kumathamanga tsiku lothera likamayandikira, chifukwa mpata woti mtengo uyende umatsatira sikweya ruti ya nthawi: kuchulukitsa masiku kanayi kumangowirikiza mpatawo kawiri. Nchifukwa chake opishoni ya sabata ziwiri imaoneka yotchipa pamene pa tsiku ndiyo yodula. Nambala ya `Theta` imakuuzani zomwe mukutaya tsiku lililonse, iwerengeni musanadine batani.

Pali malo amodzi pomwe puti imatembenuza zonsezi. Sheya yagwa kufika 60, mtengo wapangano ndi 100, chiwongola dzanja 10 peresenti, kusinthasintha 20. Puti ya ku Ulaya ya miyezi itatu ili 37.53, koma ya chaka ili 30.59. Yaitali ndiyo yotchipa. Mwayi woti zinthu zisinthe ndi wochepa, 100 randi ija ili ngati yanu kale, kungoti akukudikiritsani, ndipo kudikira kuli ndi mtengo. Puti ya mtundu wa ku America, yomwe mungagwiritse ntchito tsiku lililonse, singatsike pansi pa 40, chifukwa mutha kutenga 40 yanuyo lero. Ndiye ngati mukufuna puti yoteteza masheya kwa nthawi yaitali m'dziko lomwe chiwongola dzanja chili pamwamba, onetsetsani mtundu wake musanagule. Pa kolo ya sheya yosagawa phindu funso limeneli lilibe ntchito, chifukwa kuigwiritsa ntchito msanga nkulipira msanga ndalama yomwe ikanakhala ikukuberekerani.