Miyezi 14 ndili ndi mawaya m'kamwa

"Aise, mawaya ako aja akugwiradi ntchito? Dzino lili m'fupa, lingasunthe bwanji?"

Wandifunsa tsiku loipa aise, dzulo lomweli ndalipiranso bilu. Koma eya akugwira, mano akutsogolo aja anawongoka m'miyezi 6 yoyamba, pamenepo ndilibe dandaulo.

Dzino silinamatiridwe kufupa ngati mzati wa musimenti ayi. Pakati pa muzu ndi fupa pali kamnofu kopyapyala, mwina mamilimita 0.2, kodzadza timinyewa ndi timitsempha ta magazi. Waya akamakankha, mbali imene dzino likulowera kamnofu kaja kamapanikizika ndiye thupi limatumiza maselo otchedwa ositiyokilasiti kukadya fupa kuti dzino lipeze njira. Mbali inayo timinyewa timakokeka, maselo ena, ositiyobulasiti, nkumamanga fupa latsopano pomwe dzino lachokapo. Ntchito yonseyo imayenda pafupifupi milimita imodzi pamwezi basi.

Ine chomwe chinandipweteketsa ndi phuma. Kumanzere anandizula dzino limodzi kuti losongoka lija libwerere m'mbuyo, ndiye anandipatsa timalabala toti ndizikoleka kalabala kamodzi. Nditawerengera ndalama yomwe ndimasiya ulendo uliwonse ndinati aaa ndizikoleka tiwiri tithane nazo msanga. Ululu wake! Nsima yomwe ndimachita kuimeza osatafuna, koma mumtima ndimati ndiye kuti zikuyenda. Patapita masabata 6 adokotala anayeza mpata uja, sunasinthe olo pang'ono. Anangondiyang'ana nkufunsa kuti "mukukoleka tingati?"

Akuti ukakoka mopyola muyezo timitsempha ta mbali yopanikizika timatsekeka, magazi sadutsa, kamnofu ka pamenepo kamafa. Maselo odya fupa aja sangagwire ntchito pamalo akufa, amayenera kuchokera m'kati mwa fupa nkumakumba chobwerera, ndiye dzino limangoima masabata awiri atatu kenako nkudumpha kamodzi. Ukapitiriza, nsonga ya muzu nayo imatha kudyeka. Kuonjezera apo ndimamwa bulufeni ngati chiponde, pamene mankhwala a mtundu umenewo amachepetsa kutupa komwe kumaitana maselo aja. Anandiuza ndizimwa panado. Ululu woyenera ndi wa masiku awiri atatu akangomanga waya, ukapitirira sabata dziwa kuti china chalakwika.

Pandalama ndiye sitikugwirizana. Kulakwa kunali kwanga, chabwino, koma miyezi iwiri yoonjezerayo ndikulipira yonse, ndipo dzulo ndi pomwe andiuza kuti ritena, kachipangizo kogwira mano kuti asabwerere akachotsa mawaya, mtengo wake ndi wapadera, poyamba paja sanatchule. Kuikananso sindingathe chifukwa fupa latsopano lija limakhala lisanakhwime, timinyewa ta m'nkhama timatenga mpaka chaka kuti tizolowere, ukangochotsa mawaya popanda ritena mano amayamba kubwerera kwawo.

Ndikayang'ana pagalasi ndimati ndalama yanga sinapite pachabe, ndikaona malisiti mtima umawawa. Ukafuna kuika, akulembere papepala mtengo wonse, ritena ndi kumatanso bulaketi, kachitsulo ka padzino kogwira waya kaja, ikathothoka, usanatsegule kukamwa.