Kufananitsa kukwera kwa mawu m'mavidiyo 36: Audacity, loudnorm kapena ffmpeg-normalize?

Anzanga ojambula kuno ku Mzuzu akhala akundifunsa mmene ndinachitira kuti mawu a mavidiyo anga onse azimveka mokwera mofanana, ndiye ndiyankhe kamodzi. Ndinajambula maulaliki 36 ku Chibavi, koma owonera ankadandaula kuti vidiyo ina ikunong'ona, yotsatira ikugonthetsa m'khutu.

Za webusayiti ina yolipira yomwe ndinayesa sindinenapo zambiri. Bando yanga inathera kutumiza mafayilo, kenako anati ndilipire kaye ndisanawatengenso.

Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, ndimaikonda, koma samalani ndi `Normalize`. Imeneyi imangoyang'ana pamene phokoso lafika pamwamba kwambiri, osati mmene khutu likumvera. M'vidiyo ina mlaliki anagunda maikolofoni kamodzi, ndipo kugundako kunatengedwa ngati muyezo, ulaliki wonse n'kukhalabe pansi. Yoyenera ndi `Loudness Normalization`, yomwe imayeza mu LUFS, muyezo wa mmene khutu limamvera kukwera kwa mawu, ndipo ndi `Macros` imagwira mafayilo ambiri. Vuto lake, imatulutsa mawu okha, kuwabwezera pa chithunzi ndi ntchito inanso.

Yomwe inandipweteka ndi `loudnorm` ya ffmpeg, pulogalamu ya mavidiyo ndi mawu yoyendetsedwa polemba malamulo, itayendetsedwa ulendo umodzi. Popeza sinamve fayilo yonse, imakweza ndi kutsitsa mawu ikuyenda. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa. Mlaliki akangopuma, phokoso la pa malata linkakwera ngati mvulayo yalowa m'tchalitchi, akayambanso kulankhula n'kutsika. Ndinazindikira nditagawa kale mavidiyo 12, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Poyesa, musamvetsere polankhula pokha, mvetserani pamene munthu wakhala chete. Chinanso, imatulutsa mawu a 192 kHz mukapanda kulemba `-ar 48000`.

Ndinakhazikika pa ffmpeg-normalize. Mkati mwake ndi `loudnorm` yomweyo, koma imadutsa kawiri: koyamba kuyeza fayilo yonse, kachiwiri kukweza mawu onse ndi mlingo umodzi. Chithunzi imangokopera osachikhudza, choncho sichiwonongeka ndipo ntchito imafulumira. Imafuna Python ndi ffmpeg pa kompyuta. Pa Windows, ndimatsegula Command Prompt mu foda ya mavidiyo n'kulemba:

```
for %f in (*.mp4) do ffmpeg-normalize "%f" -t -16 -tp -1.5 -c:a aac -ar 48000 -ext mp4
```

Atsopanowo amapezeka mu foda ya `normalized`, akale osakhudzidwa. Musaiwale `-t`, chifukwa payokha imasankha -23 LUFS, muyezo wa EBU R128 wa mawayilesi, womwe pa foni mu minibasi sumveka bwino. Ine ndimakonda -16. YouTube imatsitsa mavidiyo okwera kupitirira pafupifupi -14, koma otsika siwakweza.

Nayonso ili ndi malire. Ngati kukwezako kungadutsitse mawu pa -1.5, malire omwe ndinaika ndi `-tp`, kapena kunong'ona ndi kufuula zatalikirana kwambiri, imabwerera ku kachitidwe kokweza ndi kutsitsa kaja, ndipo imalemba chenjezo pa sikirini. Kwa ine zinachitika pa mavidiyo 3, kuphatikizapo ya maikolofoni yogundidwa ija. Amenewo ndinawatsegula mu Audacity, n'kutsitsa malo ophulikawo pamanja, kenako n'kuwayendetsanso.